Mabuku othandiza banja losamalira kholo lodwala matenda oiwalaiwala: mafunso ndi mayankho

Ndinasamalira amayi anga pakhomo kwa zaka 6 akudwala matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatchula kuti dimenshiya. Pa zaka zimenezo ndinawerenga mabuku angapo. Ena anang'ambika chikuto chifukwa chotsegulidwa usiku uliwonse, ena ndinawasiya ndisanafike pakati. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzanga osamalira makolo amandifunsa kawirikawiri. Ine si dokotala, ndiye pa nkhani ya mankhwala mudzaona kuti ndikukubwezerani kuchipatala.

Dokotala wangotiuza kumene. Tiyambe ndi buku lotani?

Yambani ndi buku lofufuzamo, loti mukhoza kulitsegula pakati usiku, kupeza mutu wa kukana kusamba kapena kusowa tulo, kuwerenga masamba awiri n'kulitseka. Musayambe ndi lofotokoza za ubongo, ndipo musayambenso ndi nkhani ya moyo wa munthu wina. Zimenezo zili ndi nthawi yake.

Lodziwika kwambiri mwa mabuku ofufuzamowa ndi The 36-Hour Day, lolembedwa ndi Nancy Mace ndi Peter Rabins. Linatuluka koyamba mu 1981 ndipo lakonzedwanso kangapo. Dzinalo likunena za tsiku la maola 36, ndipo aliyense amene anagonerapo khutu lili kukhomo la chipinda cha kholo lake amalimvetsa popanda womufotokozera. Ndi buku lalikulu, lolembedwera anthu a ku America, choncho mitu yake ya malamulo, inshuwalansi ndi nyumba zosungirako okalamba ingakuthandizeni pokhapokha ngati mukukhala kumeneko. Mitu ya kusamba, kuvala, kugwa, kusokera ndi kukwiya imagwira ntchito kulikonse.

Lina ndi iSupport for Dementia, limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019, ndipo limapezeka kwaulere pa intaneti. Lili ndi zigawo zisanu: kudziwa matendawa, kukhala wosamalira, kudzisamalira wekha, chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ndi kusintha kwa khalidwe la wodwala. Linalembedwa ngati buku la m'kalasi, lokhala ndi zitsanzo ndi mafunso oti muyankhe. Kwa banja limene likugawana ntchito, ili ndi losavuta kuwerengera limodzi.

Ndingadziwe bwanji kuti buku ndi labwino ndisanataye nalo nthawi?

Musakhulupirire chikuto. Pitani kumapeto kumene kuli mndandanda wa nkhani, mufufuze zinthu zitatu.

Choyamba, kusamba. Buku lachabechabe limangoti khalani odekha, onetsani chikondi. Labwino limakuuzani chifukwa chake munthu amene ankasamba tsiku lililonse lero akumenya amene akumuvula: akumva kuzizira, akuchita manyazi, akuopa kuterereka, kapena madzi othiridwa kumutu mwadzidzidzi akumuopsa. Kenako limakupatsani zochita. Konzeranitu zonse musanawaitane, afunditseni thaulo n'kumasambitsa mbali imodzi imodzi, yambani ndi mapazi kapena manja, tsitsi lidikire tsiku lina. Limakuuzaninso mosabisa kuti kusamba thupi lonse kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira bola nkhope, manja, m'khwapa ndi kumaliseche kukutsukidwa tsiku lililonse.

Chachiwiri, kunamiziridwa kuba. Ngati buku silikutchula n'komwe nkhani imeneyi, wolembayo sanakhalepo m'nyumba imodzi ndi wodwala.

Chachitatu, kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi. Buku limene silichenjeza kuti zimenezi zimafunika chipatala tsiku lomwelo, libwezeni pamene munalitenga.

Onaninso chaka chimene linasindikizidwa. Malangizo a kusambitsa ndi kulankhula sakalamba msanga, koma mutu wa mankhwala umakalamba.

Pafupifupi mabuku onse akunena za Alzheimer. Nanga ngati kholo langa likudwala mtundu wina?

Dimenshiya ndi dzina la gulu lonse la matenda. Matenda a Alzheimer, otchedwa ndi dzina la dokotala wa ku Germany amene anawafotokoza mu 1906, ndi amene amapezeka kwambiri. WHO imati odwala 60 mpaka 70 pa 100 alionse a dimenshiya ali ndi mtundu umenewu, n'chifukwa chake mabuku amatsamira kumeneko. Zambiri za chisamaliro n'zofanana, koma pali malo amene buku la Alzheimer lingakusokeretseni.

Dimenshiya yobwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo, kawirikawiri pambuyo pa sitiroko, siyenda pang'onopang'ono mofanana nthawi zonse. Munthu akhoza kukhala miyezi osasintha, kenako n'kutsika kamodzi ngati watsika sitepe. Pamenepa kusamala kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndi mbali ya chisamaliro.

Dimenshiya ya Lewy imabwera ndi kuona anthu kapena nyama zimene palibe, kuuma kwa thupi, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kumenya kapena kukuwa m'tulo. M'mawa munthu amacheza bwinobwino, masana n'kukhala ngati kulibe, mpaka abale amayamba kunena kuti akuchitira dala. Chofunika kwambiri apa n'chakuti mankhwala ena oziziritsa munthu wolusa, monga halopelido, akhoza kuvulaza kwambiri wodwala mtundu umenewu. Buku limene mukuwerenga liyenera kunena zimenezi.

Palinso mtundu wogwira mbali yakutsogolo ndi yam'mbali ya ubongo. Umakonda kuyamba munthu asanafike zaka 65, ndipo choyamba kusintha ndi khalidwe kapena malankhulidwe, kukumbukira kukadali bwino. Munthu waulemu amayamba kutukwana, kutenga zinthu za eni, kusalabadira za anzake. Mukawerenga buku longonena za kuiwala mudzaganiza kuti dokotala analakwitsa.

Choncho funsani dokotala mtundu umene akuuganizira, ndipo funsaninso ngati anayeza zinthu zochizika zimene zimafanana ndi dimenshiya, monga kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi matenda okhumudwa.

Buku lina likuti ndiziwauza zoona, lina likuti ndizingovomereza zimene akunena. Ndimvere liti?

Funso ili ndi limene linandivutitsa kuposa onse. Abambo anga anali atamwalira zaka 11 m'mbuyomo pamene amayi anayamba kufunsa kuti, "Kodi bambo ako sanabwerebe?" Nthawi yoyamba ndinayankha monga mwana woleredwa bwino amene sanamiza kholo: "Amayi, abambo anatisiya kalekale." Analira ngati uthengawo wangofika kumene. Patapita ola limodzi anafunsanso. Imfayo anali ataiwala, koma chisoni chinatsala, ndipo usiku umenewo sanadye.

Mabuku amatsutsana chifukwa anachokera ku maganizo osiyana. M'zaka za m'ma 1960 m'zipatala munafala njira yomakumbutsa wodwala tsiku, malo ndi zochitika zenizeni. Njirayi imathandiza matenda akangoyamba. Wotchi yooneka bwino, kalendala, chikwangwani pa chitseko cha chimbudzi, zonsezi n'zabwino kwa munthu amene akufuna kudziwa ndipo akhoza kusunga yankho. Naomi Feil, amene ankagwira ntchito ndi okalamba ku America, anaona kuti kwa amene matenda apita nawo patali, kuwakonza kumangowapweteka. Iye anaphunzitsa kuti uziyankha zimene munthuyo akumva mumtima m'malo molimbana ndi mawu ake. Tom Kitwood wa ku Britain, m'buku lake la mu 1997 lotchedwa Dementia Reconsidered, anawonjezera kuti zambiri zimene timazitcha kuvuta kwa wodwala zimakula chifukwa cha mmene ife tikumuchitira: kumulankhulira ngati mwana, kumufulumizitsa, kukamba za iye ngati palibe. Ndipo pali mabuku ena amene amapitirira pamenepo n'kulamula kuti usamutsutse konse ndiponso usamufunse funso lililonse. Malamulo okhwima chonchi akatswiri ambiri sagwirizana nawo, ine ndemwe, chifukwa amayi anga anali okhoza kusankha pakati pa madiresi awiri mpaka chaka chawo chomaliza, ndipo kuwalanda zimenezo kukanakhala kuwachepetsa.

Zimene ndinaphunzira n'zakuti pakati pa choonadi chopweteka ndi bodza pali malo aakulu. Akafunsa za abambo ndinkati, "Mwawasowa eti? Paja munakumana nawo bwanji?" Ankayamba kufotokoza, nkhope n'kuwala, funso lija n'kuzimiririka lokha. Sindinanene bodza, sindinalengezenso maliro. Nthawi zambiri funsolo silinali la abambo kwenikweni. Linkabwera akakhala ndi mantha kapena akaona kuti m'nyumba mwachita zii.

Masiku ena njirayi inkakanika. Ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usandizembe, ali kuti?" Pamenepo ndinkayang'ana maso awo. Akakhala kuti ali bwino tsiku limenelo, akufunsa ngati munthu amene akudziwa kale theka la yankho, ndinkawauza zoona mofatsa n'kukhala nawo pansi. Akakhala kuti ali kutali, m'chaka chimene ine ndinali khanda, ndinkangoti, "Panopa kulibe, koma ine ndili nanu." Buku labwino limavomereza kuti pano palibe lamulo limodzi, ndipo limakuphunzitsani kuyeza. Kumbukiraninso kuti banja lonse liyenera kugwirizana yankho. Wina akamati anamwalira, wina n'kumati apita kuntchito, wodwalayo amaleka kukhulupirira aliyense.

Ndachita zonse zimene buku linanena koma sizikugwira ntchito. Ndikulakwitsa pati?

Mwina simukulakwitsa. Buku limakupatsani zifukwa khumi zimene zingachititse vuto, koma silingadziwe kuti m'nyumba mwanu chifukwa chake ndi chiti. Chimene chimadziwa zimenezo ndi kope lanu. Mabuku ambiri amalangiza kulemba zinthu zitatu vuto likachitika: zimene zinachitika lisanayambe, zimene wodwala anachita, ndi zimene zinatsatira. Ine ndinkaona ngati ndi ntchito ya ana a sukulu, mpaka pamene ndinasowa pogwira.

Amayi anayamba kumanga katundu wawo madzulo alionse n'kumati akupita kwawo, chonsecho ali m'nyumba imene anakhalamo zaka zoposa 30. Ndikatseka chitseko ankachimenya ndi ndodo. Buku linafotokoza kuti odwala ambiri amasokonezeka dzuwa likamalowa, ndipo linatchula kutopa, mdima, njala, ululu, phokoso ndi kufuna kuchimbudzi. Ndinayesa zonse nthawi imodzi, osadziwa kuti chikuthandiza n'chiti.

Kenako ndinalemba kwa masiku 14. Mizere yake inali yaifupi, monga uwu: "Lachiwiri, 5:40. Sanagone masana. Ana afika, wailesi yakanema yatsegulidwa, ine ndili kukhitchini. Atenga chikwama. Ndawaletsa, akwiya mphindi 40." Nditawerenga zonse pamodzi ndinaona kuti vutolo linachitika masiku 10 pa masiku 14 amenewo, nthawi zonse pakati pa 5:15 ndi 6 koloko. Pa masiku anayi abata aja, atatu anali oti anagonako pang'ono masana, ndipo onse anayi anali oti ntchito ya kukhitchini ndinaimaliza msanga n'kukhala nawo pabalaza. Ndinaonanso chinthu chimene buku linatchula koma ine ndinachidumpha. Kunja kukayamba kuda, galasi la windo linkasanduka kalilole, ndipo amayi ankaonamo mayi wokalamba wachilendo akuwayang'ana. Pamenepo kwa iwo nyumbayo inali ya eni ake, ndipo mlendo waulemu amatsanzika kusanade.

Tinasintha zinthu zinayi, chimodzi pa masiku atatu alionse kuti tione chimene chikugwira. Tinkatseka makatani ndi kuyatsa magetsi isanakwane 5 koloko. Tinkawagoneka mphindi 30 zokha masana, chifukwa akapitirira ola usiku sankagona. Ndinkawaperekeza kuchimbudzi cha m'ma 5 koloko osadikira kuti anene. Chomaliza, ndinawapatsa ntchito: dengu la matawulo oti apinde atakhala pamene akundiona. M'masabata awiri otsatira vutolo linachitika katatu. Silinatheretu. Likachitika ndinaleka kutseka chitseko. Ndinkatenga juzi yawo n'kunena kuti, "Tiyeni ndikuperekezeni," tinkayenda mphindi 10, kenako n'kubwerera ngati tafika.

Patatha miyezi isanu njirayi inasiya kugwira ntchito, chifukwa matenda anali atapita patsogolo. Ndinatsegula tsamba latsopano la kope.

Ndi liti pamene ndiyenera kutseka buku n'kupita kuchipatala?

Dimenshiya imasintha munthu pa miyezi ndi zaka. Ngati kholo lanu lasintha pa maola ochepa kapena masiku awiri atatu, musanene kuti matenda aja akula. Dzulo ankadya okha, lero akungosinza, sakutha kutsatira zimene mukunena, akubwebweta, akutolatola zofunda, kapena alusa mosiyana ndi masiku onse. Kusokonezeka kotereku madokotala amakutcha diliriyamu, ndipo kawirikawiri kumakhala ndi choyambitsa chochizika: chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa, mkodzo wokanika kutuluka, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu wa fupa lothyoka atagwa inu osaona, kapena mankhwala atsopano. Okalamba akhoza kudwala kwambiri thupi osatentha n'komwe. Mtundu wosinza uja ndi umene umaphonyedwa kwambiri, chifukwa wosamalira wotopa amangothokoza kuti lero kuli bata. Ine ndinachedwa masiku awiri pa chifukwa chimenechi, ndipo chinali chibayo.

Pitani tsiku lomwelo, mutanyamula mankhwala onse amene akumwa ndi kope lanu lija. Mawu oti "Lachisanu anali kuyenda ndi kudya okha" amathandiza dokotala kuposa kungoti asokonezeka. Nkhope ikapotoka, mkono ukafooka kapena mawu akayamba kukoka mwadzidzidzi, musadikire ngakhale ola, chifukwa ikhoza kukhala sitiroko.

Ndaona buku lolonjeza kubweza matendawa ndi zakudya zapadera ndi mavitamini. Ndigule?

Ayi. Mpaka pano palibe mankhwala ochiza matenda a Alzheimer. Mankhwala monga donepezilo ndi memantini amachepetsako zizindikiro mwa anthu ena kwa kanthawi. Mankhwala atsopano olowetsa m'mitsempha amene anavomerezedwa ku America mu 2023 ndi 2024 ndi a anthu amene matenda angoyamba kumene, amangochedwetsako kutsika, ndipo amafuna kujambula ubongo pafupipafupi. Buku likamalonjeza zoposa pamenepo, yang'anani masamba omaliza, kawirikawiri mupeza kuti wolembayo akugulitsanso mabotolo. Choipa china n'chakuti mabuku oterewa amasiya wosamalira akudziimba mlandu kuti sanatsatire bwino malangizo.

Mabuku akugawa matendawa m'magawo. Ndiwerenge za gawo lomaliza panopa?

Ena amagawa patatu, ena amatsatira magawo 7 amene dokotala wa ku America Barry Reisberg ndi anzake anafotokoza mu 1982. Magawowa anapangidwa poyang'ana makamaka matenda a Alzheimer, ndipo anthu sawatsatira ngati ndandanda ya basi. Amayi anga anasiya kudziwa dzina langa akadali okhoza kumanga mabatani a bulauzi. Musagwiritse ntchito magawowa powerengera zaka zotsala.

Za gawo lomaliza werengani kamodzi, msanga, masana, tsiku limene muli ndi mphamvu. Chifukwa chake n'chakuti pali zosankha zimene zimafuna kholo lanu likadali lokhoza kunena maganizo ake: ndani adzayang'anire ndalama, ndani adzalankhule ndi madokotala, akufuna kudzasamaliridwa kuti. Malamulo a zimenezi amasiyana dziko ndi dziko, choncho buku lingokudzutsani, koma njira yake mufunse kwa odziwa malamulo kumene mukukhala.

M'mutu umenewo fufuzani za kumeza. Matenda akafika patali munthu amasunga chakudya m'kamwa, amatsamwa, amatsokomola pomwa, mawu amamveka ngati muli madzi pakhosi. Buku labwino limakuuzani kuti muziwakhazika tsonga, kupereka pang'onopang'ono ndi sipuni yaing'ono, kudikira kuti ameze musanawonjezere, ndi kuwasiya ali chikhalire kwa mphindi 30 akatha kudya. Liyeneranso kunena zoona pa nkhani ya chubu chodyetsera. Kafukufuku sanaonetse kuti mwa odwala dimenshiya yofika patali chubu chimatalikitsa moyo kapena kuteteza chibayo chobwera chifukwa cha chakudya cholowera m'mapapo, ndipo mabungwe a madokotala a okalamba amalimbikitsa kudyetsa ndi dzanja mosamala. Kudziwiratu zimenezi kunandithandiza tsiku limene achibale ena ankaona ngati ndikuwamana amayi chakudya.

Nanga mabuku a nkhani za moyo wa odwala ndi osamalira?

Amenewa saphunzitsa kusintha thewera. Ntchito yawo ndi ina. Ndinawerenga limodzi lolembedwa ndi mwana wosamalira kholo lake, mmene anavomereza kuti usiku wina analakalaka zonse zitangotha. Ndinali nditaganizapo zomwezo, osauza munthu.

Palinso olembedwa ndi odwala eni ake. Wendy Mitchell wa ku Britain anapezeka ndi matendawa ali ndi zaka 58, ndipo mu 2018 anatulutsa buku lotchedwa Somebody I Used to Know. Loterolo ndi loyenera kupatsa m'bale amene amabwera kamodzi pa miyezi itatu, kucheza ola limodzi, n'kunena kuti, "Koma amayi ali bwinobwino, mukungokokomeza." Buku lalikulu lija la The 36-Hour Day musamupatse, saliwerenga. Ngati la Wendy Mitchell nalonso lakanika, mujambulireni pafoni masamba awiri okha, kapena mumusiyire amayi kwa tsiku lathunthu ndi usiku wake.

Kholo langa linkakonda kuwerenga. Pali buku limene lingawayenere iwo eni?

Luso lotchula mawu olembedwa limakhalitsa, koma kutsatira nkhani yaitali kumatha msanga, chifukwa akafika tsamba lachitatu loyamba lija lapita. Sankhani zazifupi, za zilembo zazikulu, zimene ankazidziwa kale: ndakatulo, nyimbo, mapemphero, mabuku a zithunzi a anthu akuluakulu. A ana aang'ono apeweni ngati mukuona kuti akuwachititsa manyazi.

Limene linagwira ntchito kwambiri kwathu ndi limene tinapanga tokha. Tinatenga chimbale cha zithunzi, tsamba lililonse chithunzi chimodzi chachikulu ndi chiganizo chimodzi pansi pake cholembedwa ngati akulankhula ndi iwo eni: "Uyu ndi mlongo wanga wamkulu." "Apa ndinali pa ntchito yanga yoyamba." Zithunzi zambiri zinali za ubwana ndi utsikana wawo, chifukwa zakale ndi zimene zimatsalira. Za maliro sitinaikemo. Kumapeto tinaika tsamba la aliyense wobwera kudzatithandiza: dzina limene amakonda kuitanidwa nalo, mbali ya bedi imene amatsikira, zimene zimawaopsa.

Cholakwa changa poyamba chinali kulisandutsa mayeso. Ndinkaloza chithunzi n'kufunsa kuti, "Uyu ndani, amayi?" Ankayang'ana kumbali, kenako n'kunena kuti maso akuwawa. Nditasiya kufunsa n'kumangoti, "Taonani chipewa chimene mlongo wanu wavala apa," ankaseka n'kuyamba kufotokoza kumene anachitenga, tsiku lililonse nkhani yosiyana. M'chaka chomaliza sankalankhulanso. Ankangoika chala pa chithunzi cha mayi awo n'kumachisisita, mpaka pulasitiki ya tsamba limenelo inachita mbuu, tinachita kuisintha kawiri.